Kalata yopepesa maliro yabwera m'Chingerezi, amayi aimva bwanji?

"Achimwene, bambo anga anatisiya mwezi watha ndipo tinawaika kwathu ku Santhe. Anali mkulu wa mpingo wa CCAP. Mlongo wanga anakwatira mzungu ku Mangalande, ndiye apongozi ake atumiza kalata yopepesa m'Chingerezi, muli ndi Salimo 23. Amayi akuti ndikawawerengere m'Chichewa kutha kwa mwezi uno, amalume ndi amayi a Chigwirizano ali pomwepo. Ndayesa kumasulira koma ikumveka youma ngati kalata ya ku ofesi. Ndakutumizirani kuti muione. Nditani?"

Pepani kwambiri achemwali ndi zovuta zimene zakugwerani. Mulungu akutonthozeni inu, amayi ndi banja lonse.

Kalata ija ndaiwerenga, ndipo anthuwa analemba ndi mtima wonse. Kuuma kumene mukumva sikuli mwa iwo, ndipo si kuti Chichewa chanu n'choperewera. Kwabwera chifukwa mwatsata mawu awo limodzi ndi limodzi, pamene chisoni chili ndi kayankhulidwe kakekake m'chiyankhulo chilichonse. Zimenezi ndinaziona ndi maso pa maliro a malume anga ku Chamama, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Malume anagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya fodya kwa zaka zambiri. Anamwalira mwadzidzidzi nthawi yosankha fodya, atangodandaula mutu madzulo, ndipo kumudziko kunali kale mkangano wa munda pakati pa iwo ndi achibale ena. Bwana wawo wakale, amene anali atabwerera kwawo kunja, anatumiza uthenga pa foni. Anaupereka kwa mnyamata wina wophunzira bwino kuti aumasulire, ndipo atatha kulengeza chipepeso, mlaliki asanaimirire, mnyamata uja anapatsidwa mpata. Anayamba ndi kunena kuti bwanayo ali wachisoni chifukwa cha kutaya kwathu. Kenaka anatchula malume ndi dzina lawo loyamba lokhalokha, lopanda "a", lopanda "malemu", dzina limene ngakhale akazi awo sankalitchula pagulu. Azibambo amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anayamba kuyang'anana. Anapitiriza kuti tsopano munthuyo ali pamalo abwino kuposa pano. Akazi a malume, amene anali atawatulutsa m'nyumba ya siwa atawagwirira mbali zonse, anadzutsa mutu. Anali atakhala ndi mwamuna wawo m'nyumba imeneyo moyo wonse, anawotcha okha njerwa zake, ndipo lero akuuzidwa pamaso pa mudzi kuti kumene wapitako n'kwabwino kuposa kwa iwo. Pomaliza mnyamatayo anati, "Tikukuganizirani nonse." Gogo wina anafunsa mokweza kuti, "Akutiganizira chiyani?" Pa maliro a imfa yadzidzidzi, pali mkangano wa munda, kuuza anthu kuti mukuwaganizira ndi kuwaloza chala kuti ndiwo apha munthu. Nyakwawa inachita kuimirira kuti anthu akhale chete. Tsiku losesa anthu ankakambabe za uthenga umenewo, pamene bwana uja ankangofuna kunena kuti sanatiiwale.

Mnyamata uja sanalakwitse liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi. Mayeso akanakhoza. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati womasulira wabwino ndi amene sasintha kanthu. Pa kalata ya kubanki zimenezo n'zoona. Pa maliro, amene wapereka mawu onse koma namfedwa n'kutsala ndi bala latsopano, wanamizira mwini kalata, chifukwa mwini kalatayo sanatume munthu kukapweteka mtima wa mayi wamasiye.

Ndipo tinene zoona, ifenso tikuzolowera zoipa. Uthenga wa maliro ukangofika pa gulu la WhatsApp, anthu amaponya zilembo zitatu za Chingerezi zija za RIP ndi kachithunzi ka manja opemphera, basi akhuza. Ena mpaka pa wailesi ayamba kunena kuti tabwera kudzasangalalira moyo wa malemu. Kusangalala pa maliro? Kwathu kuno timati maliro n'kulirana. Munthu amafika, amakhala pansi, amayamba walira nawo, mawu amabwera pambuyo ndipo amakhala ochepa. Ngati kalata ikunena zokondwerera moyo wa munthu, Chichewa chake n'chakuti tikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo ndi ntchito zabwino zimene anagwira. Chimene ankatanthauza n'chomwecho, ndipo palibe amene angadzidzimuke.

Za Salimo lija

Apa ndiye ndilimbikira, musamasulire vesi la m'Baibulo kuchokera m'mutu mwanu, ngakhale Chingerezi chake chikhale chophweka bwanji. Onani buku, chaputala ndi ndime, tsegulani Baibulo la Chichewa, kopererani mmene zalembedwera. Amayi anu ndi anzawo a Chigwirizano Salimo 23 analiloweza ali atsikana. Mukangoyamba kuti "Yehova ndiye mbusa wanga," milomo yawo imalizitsa yokha kuti "sindidzasowa." Chitonthozo chili pamenepo, pakuti mawuwo ndi omwe aja anawamva pa maliro a makolo awo. Mukanena kuti Ambuye amandiweta ndipo sindifuna kanthu, tanthauzo lili pafupi, koma iwo amva mawu achilendo ndipo ayamba kudabwa kuti azunguwa amawerenga buku lanji.

Komanso Baibulo la Chichewa si limodzi. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo ndi limene akuluakulu ambiri a Sinodi ya Nkhoma anakula nalo. Akatolika anali ndi lawo, Malembo Oyera, la mu 1966. Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi m'Chichewa cha masiku ano. Pamene Buku Lopatulika likuti Yehova, Buku Loyera likuti Chauta. Kwa mkulu wa mpingo wa ku Santhe ndingayembekeze Buku Lopatulika, koma musandikhulupirire ine, funsani kumudzi kuti Baibulo limene bambo ankanyamula Lamulungu ndi liti. Mwina likadali pa tebulo ndi mizere yawo ya bolopeni. Werengani m'menemo. Mukafika pa ndime 4 mupeza kuti chibonga ndi ndodo "zindisangalatsa ine." Musakonze. M'Chichewa chakale cha bukulo kusangalatsa ndi kutonthoza, ndipo amayi akudziwa.

Nkhani ya chipembedzo ili ndi mbali ina imene anthu saisamala. Mawu otonthoza amanyamula chiphunzitso. "Mzimu wawo uuse mumtendere" tonse timanena masiku ano, koma gwero lake ndi pemphero lopempherera akufa, ndipo kwa Akatolika a ku Nkhamenya ndi pemphero ndithu, pamene abusa ena a mipingo ina sakondwa nalo. A Seventh Day ndi a Mboni za Yehova amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka, ndiye kuwauza kuti malemu akutiyang'ana ali kumwamba sikuwatonthoza. Asilamu ali ndi mawu awo a m'Kurani akuti ife ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, ndipo amawanena m'Chiarabu. Amenewo mumawasiya m'Chiarabu momwemo, n'kuwonjezera tanthauzo ngati pali ena osamva. Womasulira ayenera kudziwa mpingo wa anamfedwa asanagwire cholembera.

Koma pali malire, ndipo awa ndimawagwira zolimba. Ngati wolemba sanatchule Mulungu, inu musamuikiremo pemphero. Ndaonapo anthu akukometsera kalata ya munthu wosapemphera mpaka kumveka ngati ya mbusa. Limenelo ndi bodza, ndipo tsiku lina banja lidzamuthokoza chifukwa cha mapemphero amene sanapemphere. Chichewa chili ndi mawu okwanira opanda tchalitchi: tili nanu limodzi pa chisoni chimenechi, tikulira nanu, limbani mtima. Kusintha kavalidwe ka mawu n'kololedwa, kuwonjezera chikhulupiriro chimene mwini wake alibe ayi.

Apongozi a mlongo wanu ndi anthu opemphera, analemba okha za mapemphero ndi Salimo, choncho inu mulibe vuto limenelo. Chiganizo chawo choyamba, chimene mwalemba kuti "tili achisoni ndi kutaya kwanu," chisintheni. Ife eni ake timatha kunena kuti tataya munthu wofunika, koma mlendo akati kutaya kwanu zimamveka ngati mwataya chinthu mosasamala, ndipo azimayi akuluakulu liwulo limawakumbutsanso mtayo. Paliponse pamene atchula bambo ndi dzina loyamba, ikani "malemu bambo" kapena mfunda wawo ndi "a" patsogolo. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye onetsetsani kuti kalata yonse ili pa inu, ndipo malemu ndi iwo, osati iye. Pamene nawonso alemba za malo abwino, anthuwa akutanthauza kuti bambo ali kwa Ambuye, ndipo a CCAP amakhulupirira chomwecho, ndiye nenani zimenezo mosayerekeza ndi pakhomo pa amayi. Ine ndikanaiwerenga motere:

"Mayi, pepani kwambiri. Tamva ndi chisoni chachikulu kuti bambo atisiya. Ngakhale tinaonana nawo kamodzi kokha pa ukwati wa ana athu, sitidzaiwala mmene anatilandirira ngati abale awo. Tikukhulupirira kuti tsopano akupuma m'manja mwa Ambuye amene anamutumikira. Tili kutali, koma tikulira nanu, ndipo tikukukumbukirani m'mapemphero athu tsiku ndi tsiku, inu ndi ana onse. Mawu a pa Salimo 23 akulimbitseni mtima."

Mukatero tsegulani Baibulo la bambo muwerenge ndimezo. Musanapite, iwerengeni mokweza kwa munthu wamkulu mmodzi wosadziwa Chingerezi, ndipo pamene akufunseni kuti "akuti chiyani pamenepo?" ndi pamene pafunika kukonza. Pa tsikulo yambani mwafotokoza kuti kalatayi yachokera kwa yani, chifukwa amalume afuna kudziwa ubale wake asanamve mawu.

Amayi adzafuna kuyankha, ndipo msampha womwewo ulipo pobwerera. Akadzati "mwatipepesa," musalembe liwu la Chingerezi la munthu wolakwa amene akupempha chikhululukiro, chifukwa azunguwo adzadabwa kuti analakwa chiyani. Lembani kuti mawu awo anawatonthoza. Ngati anatumizako ndalama, chipepeso musachimasulire ndi liwu la kukhoti lija la kulipira munthu amene wamulakwira. Nenani kuti mphatso yawo inathandiza pa maliro, ndipo ngati amayi afuna, tchulani chimene inagula, kaya ndi bokosi kaya ndi chimanga chodyetsa anthu.