Meseji ya tsiku lobadwa yopita kwa mkulu wa ku Jeremani, muione kaye musanatumize

"Bambo anga anagwirapo ntchito zakale ku Zomba ndi mzungu wina wa ku Jeremani, pano akukwanitsa zaka 80 Loweruka likudzali. Adadi andituma kuti ndimulembere kameseji pa WhatsApp m'chilankhulo chawo kuti asangalale. Ndalemba m'Chichewa makina n'kundimasulira, koma ine Chijeremani sindimva ngakhale liwu limodzi. Chatuluka ndi ichi, nditumize?"

```
Hallo Opa! Alles Gute im Voraus! Wir lieben dich sehr.
Du bist jetzt sehr alt geworden. Bitte vergiss uns nicht.
```

Achemwali, musatumize kaye. Galamala yake ilibe vuto, komatu mkuluyo akawerenga ngati wamulembera ndi mdzukulu wake weniweni wa zaka zisanu ndi ziwiri, pomwe inu mwina simunaonanepo naye n'komwe.

Tiyambe ndi chachikulu. Mwaona timawu ito, dich ndi Du? Ameneyo ndi "iwe". Chijeremani chili ngati ife tomwe, chili ndi iwe ndi inu waulemu, ndipo inu wake amalembedwa Sie, S wamkulu nthawi zonse ngakhale pakati pa chiganizo. Ndikudziwa kuti inuyo munalemba "timakukondani", "mwakula", ulemu wonse unalipo, koma makina omasulirawa kawirikawiri amadutsira kaye m'Chingerezi, ndipo Chingerezi mawu oloza munthu amene ukuyankhula naye chili nawo amodzi okha, kaya ndi mwana kaya ndi mfumu, ndiye ulemu uja umagwera pamenepo, pofika ku Chijeremani makinawo amangolota kuti aike iwe kapena inu. Ndipo chopweteka n'chakuti njira imene ambiri timadalira, yoibweza meseji ija m'Chingerezi kuti tione ngati ikumveka, singakuonetseni vuto limeneli. Ibwera yoyera bwinobwino.

Ndiye chitani chonchi, sizifuna kudziwa chilankhulocho. Werengani ndi maso liwu ndi liwu, mukusaka du, dich, dir, dein kapena deine. Mukapeza limodzi lokha, ndiye kuti ndi iwe. Zimene mukufuna kuona ndi Sie, Ihnen, Ihr, Ihre, Ihrem, zonse zoyamba ndi chilembo chachikulu. Samalaninso ndi euch komanso euer, ameneyo ndi "inu" wa anthu ambiri ozolowerana nawo, ngati mukuitana ana pabwalo, ndipo amatuluka makina akaganiza kuti inu wathu uja akunena gulu. Pena iwe amabisala m'verebu osaonekera, ngati vergiss uyo m'mzere womaliza, waulemu ukanakhala vergessen Sie. Chimene ndimaona kwambiri ndi meseji yoyamba ndi Sie n'kudzathera ku dich, ndiye musangoona mzere woyamba n'kuti basi zili bwino. Ngati mukugwiritsa ntchito makina oti mumawauza zochita, auzeni mwachindunji kuti alembe ndi Sie, kwa bambo wa zaka 80 amene simunazolowerane naye, koma akalemba muonenso ndithu.

Mwina munena kuti koma adadi ndi mkuluyu amatchulana maina, amaseka limodzi. Ubale umenewo ndi wawo. Kwa Ajeremani wamkulu ndi amene amatsegula khomo kuti tiyeni tizingoti du, wamng'ono sayamba yekha, makamaka kwa anthu amsinkhu umenewo. Akakuyankhani n'kusaina ndi dzina loyamba lokha, kapena kunena yekha kuti du ali bwino, apo mutha kusintha. Kuyamba ndi Sie palibe amene angakwiye nako.

Kenako Opa uja. Kwathu kuno agogo ndi ulemu, aliyense wa imvi timamutero, ngakhale tangokumana naye mu minibasi. Kwawoko Opa ndi agogo ako okubala makolo, ukamutchula choncho munthu yemwe si wachibale zimamveka ngati chipongwe, ngati ukuti kankhalamba iwe. Lembani Lieber Herr kenako dzina la makolo, seneimu tinene. Ngati ndi dokotala, kaya wachipatala kaya wamaphunziro, ikani Lieber Herr Dr., akuluakulu ambiri amazikondabe zimenezo. Makina ena akupatsani Sehr geehrter Herr, sikulakwa koma ndi moni wa kalata yopita ku ofesi, pa betide ndi wouma.

Mawu aja oti im Voraus akutanthauza kuti mukumufunira zabwino tsiku lisanafike. Chotsani, ndipo meseji isapite Lachisanu. Ku Jeremani anthu ambiri amati kuyamikira munthu tsiku lobadwa lisanakwane kumabweretsa tsoka, ngakhale amene sakhulupirira zamalodza sachita, ndiye kwa munthu wa zaka 80 mukuona nokha mmene zingamvekere. Kuchedwa ndi tsiku limodzi kulibe mlandu. Dikirani Loweruka lomwelo cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa. Nthawi sivuta, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi yawo ndi yathu zimafanana, miyezi inayo iwo amatsalira ndi ola limodzi.

Ziganizo zitatu zotsalazo makina sanalakwitse kumasulira, anangonyamula mtima wathu wachimalawi n'kukautula poti sukwana. "Mwakula" ife timanena moyamikira kuti Mulungu wakusungani, koma sehr alt geworden ndi kumuuza munthu pamaso kuti wakalamba zedi. Wir lieben dich ndi mawu a m'nyumba, a ana kwa kholo lawo. Ndiye "musatiiwale" uja, apa ndiyankhule mosabisa. Mzungu amene anakhalapo kuno, amene mwina wakhala akulandira mameseji opempha fizi, akaona mzere umenewo kumapeto aganiza kuti pempho likubwera m'meseji yotsatira, ngakhale inu simunaganize n'komwe za ndalama. Ine ndingauchotse. M'malo mwake ikani chinthu chimodzi chenicheni chimene makina sangachidziwe, monga kuti adadi amakambabe za masiku a ku Zomba, n'chimene chingamufike pamtima. Za Mulungu funsani adadi kaye, ngati ankapita ku tchalitchi ikani Gottes Segen, ngati sakudziwa ingofunirani thanzi labwino basi.

Ikakonzedwa iwoneke motere, pamadontho atatupo muike seneimu yake:

```
Lieber Herr ...,
herzlichen Glückwunsch zu Ihrem 80. Geburtstag!
Mein Vater spricht oft von der gemeinsamen Zeit in Zomba.
Wir wünschen Ihnen Gesundheit und einen schönen Tag
mit Ihrer Familie.
Herzliche Grüße aus Malawi
```

Ikuti mafuno abwino pa tsiku lanu lobadwa la zaka 80, bambo anga amakamba kawirikawiri za nthawi imene munali limodzi ku Zomba, tikufunirani thanzi ndi tsiku labwino pamodzi ndi banja lanu, moni wochokera ku Malawi. Pansi pake lembani dzina lanu lonse ndi la adadi, poti nambala yanu mwina alibe ndipo okalamba ambiri amaopa mameseji a nambala zachilendo chifukwa cha akuba a pafoni. Kadontho ka pambuyo pa 80 musakachotse, ndi kamene kakunena kuti "lachi 80", ndipo h wamng'ono woyamba mzere wachiwiri ndi mmene iwo amalembera pambuyo pa koma, foni ikafuna kumukuza mubwezeni. Timitima ndi tizithunzi tina tija tisiyeni, keke imodzi ngati mwalimbikira.

Chomaliza chimene makina sangakuonereni ndi mawu aja oti mit Ihrer Familie. Funsani adadi ngati mayi akunyumba kwa mkuluyu alipo komanso ngati ali ndi ana, ngati akukhala yekha kapena anafedwa posachedwa, chotsani mawu atatuwo chiganizo chithere pa Tag.