Yankho la malume pa nkhani ya hoke

“Malume, ndili ndi ana 32, ndodo za hoke 24, mphindi 40. Ndikawagawa 11 uku 11 uku, anyamata atatu okha ndi amene amakhala ndi mpira, ena amangoimirira kumva dzuwa. Nditani?”

Eya mphwanga, ndamva. Mundikhululukire phokosolo, ndili mu kombi kuchokera ku Mbare.

Vuto si ana ayi, ndi mpira umodziwo. Bwalo lonse la hoke ndi mamita 91 mulitali, 55 mulifupi, ndi la akuluakulu limenelo. Mwana woyamba kumene akhoza kutha phunziro lonse mpira osamufika pa ndodo. Ndiye chita chonchi. Dula bwalolo panayi, kabwalo kalikonse mapazi aakulu 20 mulitali, 15 mulifupi, ndipo pakati pa timabwalo usiyepo mapazi asanu kuti asamenyane ndi ndodo. Makoni akasowa, mabotolo othiramo mchenga amagwira ntchito.

Matimu akhale asanu ndi atatu, ana anayi timu iliyonse. Atatu alowe, mmodzi adikire pambali. Atatu uku atatu uku pa timabwalo tinayi, ndodo 24 zija zakwana ndendende, ndipo mipira tsopano ndi inayi. Goloboyi asakhalepo. Asewere mphindi zinayi, uimbe wezulo, matimu asinthane timabwalo.

Wodikira uja asamangokhala. Umuuze aziwerenga kuti mnzake mmodzi wakhudza mpira kangati, ndipo pakatha mphindi imodzi alowe, wina atuluke. Pamenepo ndi pamene udziwire ngati zikuyenda. Ine ndinkasankha mwana wamanyazi kwambiri. Panali kamtsikana kena kankagwira ndodo ngati tsache, kataima pakona. M'masewera aakulu ndinakawerengera kawiri basi. Titachepetsa, mnzake anabwera akuthamanga, zala zonse m'mwamba, akuti zatha, ayambirenso?

Koma tamvera, anyamata atatu aja akhoza kulamulirabe ngakhale m'kabwalo kakang'ono. Usawamwaze m'matimu onse, uwaike m'kabwalo kamodzi azilimbana okhaokha. Kwinako uike lamulo loti chigoli chiwerengedwe pokhapokha onse atatu atakhudza mpira. Ukaona aunjikana pa mpira ngati nkhuku pa madeya, ika magolo awiri mbali iliyonse, limodzi kona iyi lina kona iyo. Amayamba okha kudzutsa mutu n'kupatsirana kumbali komwe kuli mpata. Mpira ukamangotuluka kunja, kabwaloko kachepa, onjezera mapazi atatu.

Ichi chokha usanyengerere: kumenya mpira ayi, azingokankha, ndodo ikhale pansi, yosapitirira m'chiuno, ndipo agwiritse mbali yafulati yokha. Mpira wa hoke ndi wolimba, ndipo nyengo yozizira ino udzu wauma, umadumpha. Amene alibe zoteteza miyendo ndi mano, uwapatse mpira wa tenesi.

Iwe uziima pakona pomwe ukuona timabwalo tonse tinayi, osati pakati, chifukwa pakati ena amakhala kumbuyo kwako. Ndatsika pano, Lachisanu unditumizire manambala a ana awiri amanyazi kwambiri tione.