Chaja ya m'galimoto ikutentha, alamu afunsa

"Alamu, chaja ya m'galimoto yomwe ndinagula pamsika sabata yatha ikutentha moti sindingaigwire, ndipo ndikayatsa mapu batire ya foni imangotsika. Ndigule yotani?"

Ee alamu, ndaumva uthenga wanu, pepani ndachedwa kuyankha, manja anali ndi girisi. Choyamba, imeneyo izuleni lero lomwe, musadikire kuti ife yokha.

Nkhani yake ili apa. Soketi ija, ya poyatsira ndudu, timati ndi ya mavolti 12, koma injini ikamalira imafika cha m'ma 14. Foni yanu pachajing'i wamba imafuna 5 basi. Ndiye ntchito ya kachaja kaja ndi kutsitsa 14 kuti akhale 5, ndipo magetsi amene kalephera kuwapereka ku foni sapita kwina ayi, amasanduka kutentha momwemo. Tiyerekeze foni ikukoka mawati 10. Chaja yabwino imataya mwina wati imodzi, mukaigwira imangofunda ngati kapu ya tiyi woti wayamba kuzizira. Yotchipa itha kutaya mawati 4, m'kapulasitiki kotsekeka kaja, kopanda potulukira mpweya, kunja kuli dzuwa la Okutobala. Mukuona?

Ine ndinaswapo ina ya kasitomala, pamwamba atalemba "3.1A" ndi zilembo zikuluzikulu, kutanthauza kuti imapereka maampu 3.1. M'kati ndinapeza kachipu kakalekale kotchedwa MC34063, kakoyilo kochepa ngati njere ya chimanga, basi. Kachipu kameneko ngakhale kupereka ampu imodzi kamavutika. Ndiye foni ikupempha zambiri, mapu ayaka, sikirini ikuwala, data ili pompo, chaja ikupereka zochepa kuposa zimene foni ikudya. N'chifukwa chake batire ikutsika pomwe chizindikiro cha chaji chikuoneka. Choopsa n'chakuti kachipuko kakapsa nthawi zina kamangotsegula njira, mavolti 14 onse n'kulowa m'foni. Fyuzi ya soketi musaidalire, ndi ya maampu 10 kapena 15, imateteza mawaya a galimoto, foni siyiidziwa.

Komabe musanaiweruze, gwirani muone pamene pakutentha. Ngati ndi thupi lonse, vuto ndi limene ndanenali. Ngati ndi kunsonga kokha, kachitsulo kolowa m'soketi kaja, ndiye kuti sikakukhudza bwino. Sipuling'i yafooka, kapena m'soketi muli fumbi ndi dzimbiri. Msewu wa kumudzi uja, ndi mabampu ake, chaja yokhwepa imangodukizadukiza, kansonga n'kuda ngati kapsa. Ngati zili choncho zimitsani galimoto, muchotse kiyi, mupukute m'soketimo ndi kansalu kouma, osalowetsamo chitsulo. Magalimoto ena soketi imakhalabe ndi magetsi ngakhale kiyi mwachotsa.

Tsopano pogula, musayang'ane chikwama chake chokongola, werengani timalemba tating'ono ta pachajapo. Pakhale "Input 12-24V", imeneyo ilowa ngakhale mu lole ya mavolti 24. Kenako muone kuti bowo lililonse likutulutsa zingati, chifukwa ambiri amalemba chiwerengero cha mabowo onse pamodzi, ndiye mukalumikiza mafoni awiri amagawana. Foni yanu ija ndi ya Type-C, choncho pezani yokhala ndi bowo la Type-C lolembedwa "PD", chomwe ndi chizindikiro cha chaji yachangu, mawati 20 kapena 30 akwana. Bowo lalikulu lakale lija likalembedwa "QC 3.0" ndi la mawati 18, lithandiza mafoni a ana. Akazi anu ali ndi Samsung, eti? Ngati ndi ya mawati 25, imeneyo kuti ichaje mwachangu zedi imafuna palembedwenso "PPS". Yopanda malemba aliwonse, yopepuka ngati mulibe kanthu, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Chingwe ndiye chimene anthu amachinyoza. Kunja chikhoza kukhala chonenepa, cholukidwa bwino, koma m'kati muli timawaya towonda ngati tsitsi. Waya wowonda komanso wautali umadya mavolti panjira, foni ikaona kuti afika ochepa imachepetsa yokha kukoka. M'galimoto mita imodzi yakwana, za mamita atatu zija n'zogonera pabedi. Cha Type-C mbali zonse cholembedwa "60W" kapena "3A" n'chokwanira foni iliyonse m'banja mwathu muno, cha "100W" ndi cha laputopu, musawonongerepo ndalama. Chingwe chikamatentha kumutu kolowa m'foni, chotsani msanga, mwina chathyoka m'kati kapena m'bowo la foni mwadzaza thonje la m'thumba.

Ndiye musagule m'manja mwa munthu wa pawindo la galimoto. Pitani pashopu, muwauze kuti mukufuna kuyesa, muimike galimoto pakhomo pompo injini ikulira, batire ya foni isakhale yodzaza. Pasikirini pabwere "Fast charging" kapena zofanana nazo, muisiye mphindi 10 mapu ali oyaka, kenako muigwire. Ikangofunda ndipo peresenti yakwera, lipirani. Yakaleyo musaitaye, mundibweretsere Loweruka, ndikufuna ndiiswe ndikuonetseni m'kati.