YTD yanga ikuwerengerabe Januwale, chonsecho silaisa ndayambira Malichi

"Akuluakulu, thandizeni. Mu Power BI ndalemba `TOTALYTD ( [Malonda], 'Date'[Date] )`. Pa silaisa ndasankha 1 Malichi mpaka 31 Meyi, koma mzere wa Malichi ukuonetsa K1,250,000 pomwe mwezi umenewo tidagulitsa za K500,000 zokha. Abwana akufuna kuti kuwonkhetsa kuziyambira tsiku limene asankha. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, fomula yanuyo simudailakwitse ayi. Ikugwira ntchito imene idapangidwira, kungoti ntchitoyo si imene abwana anu akufuna. TOTALYTD ndi chidule chabe cha CALCULATE yokhala ndi DATESYTD mkati mwake. DATESYTD ikafika pa mzere wa Malichi, imayang'ana tsiku lomaliza limene likuoneka pamenepo, lomwe ndi 31 Malichi, ndiye imatola masiku onse kuchokera 1 Januwale kukafika tsiku limenelo. Masiku amenewa amalowa m'malo mwa sefa iliyonse imene inali pa tebulo la Date, ya mwezi ndi ya silaisa yomwe. Mapeto a silaisa amamveka chifukwa ndi amene amasonyeza tsiku lomaliza, koma chiyambi chake chimatayidwa.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Chotsani K500,000 pa K1,250,000, itsala K750,000. Onani malonda a Januwale ndi Febuluwale, muwapeza akukwana ndalama imeneyi ndendende. Tinene kuti Epulo mudagulitsa K300,000 ndipo Meyi K420,000. Mezha yanu ikupatsani K1,550,000 pa Epulo ndi K1,970,000 pa Meyi, pomwe abwana akuyembekezera K500,000, K800,000 ndi K1,220,000. Kusiyana kwake ndi K750,000 yomwe ija pa mzere uliwonse. Mukaona kusiyana kosasintha chonchi, dziwani kuti vuto ndi chiyambi cha kuwerenga, osati deta.

Ndiye chofunika n'kutenga masiku okhawo amene ali m'magulu awiri nthawi imodzi: ali mu chaka kufika pa mzere uno, komanso ali mu zimene munthu wasankha pa silaisa.

```
Malonda YTD Osankhidwa =
VAR MasikuAChaka =
    DATESYTD ( 'Date'[Date] )
VAR MasikuOsankhidwa =
    CALCULATETABLE ( VALUES ( 'Date'[Date] ), ALLSELECTED ( 'Date' ) )
RETURN
    CALCULATE (
        [Malonda],
        INTERSECT ( MasikuAChaka, MasikuOsankhidwa )
    )
```

Tiyende nayo pa mzere wa Epulo. MasikuAChaka ndi 1 Januwale mpaka 30 Epulo. MasikuOsankhidwa ndi 1 Malichi mpaka 31 Meyi, chifukwa ALLSELECTED imachotsa sefa ya mzere wa Epuloyo koma imasiya ya silaisa ili chikhalire. INTERSECT ikaika magulu awiriwa pamodzi, otsala ndi 1 Malichi mpaka 30 Epulo, ndipo mupeza K800,000.

Onetsetsani kuti mu ALLSELECTED mwaikamo tebulo lonse, `'Date'`, osati kolamu `'Date'[Date]` yokha. Lero silaisa yanu ili pa tsiku, ndiye njira zonse ziwiri zingaoneke ngati zikugwira. Koma mawa wina akadzaika silaisa ya dzina la mwezi kapena ya kota, ya kolamu imodziyo siidzaimva, ndipo Januwale adzabweranso mwakachetechete.

Pali njira ina imene anthu ambiri amathamangira, ine ndemwe ndidayambira pomwepo: kukulunga DATESYTD mu KEEPFILTERS. Dzina lake limakopa, poti tikufunadi kusunga sefa. Tsoka lake imasunga zonse, kuphatikizapo sefa ya mzere. Pa Epulo mudzangoona K300,000, pa Meyi K420,000, kuwonkhetsa kwatha. Ngati kolamu ya YTD ikufanana ndi kolamu ya malonda a pamwezi, chimenechi ndicho choyamba kukayikira.

Njira yachiwiri yokopa ndi kuchotsa silaisa pa tebulo la Date n'kuiika pa kolamu ya tsiku ya mu tebulo la malonda. Zoona, manambala a YTD adzaoneka bwino, chifukwa DATESYTD siikhudza sefa ya pa tebulo la malonda. Koma musatero chonde. Tsiku limene mudzafune kufananiza ndi chaka chatha pogwiritsa ntchito SAMEPERIODLASTYEAR, mezhayo idzapempha masiku a 2023 pomwe tebulo la malonda latsekeredwa mu 2024, ndipo mudzangopeza mipata yopanda kanthu. Silaisa, mizere ya tebulo ndi tchati, zonse zizichokera ku Date.

Tebulo la Date lomwelo liyenera kukhala lolongosoka, apo ayi fomula yabwinoyi idzakunamizani. Likhale ndi tsiku lililonse kamodzi, popanda kudumpha ngakhale Lamulungu limene simutsegula shopu, ndipo liyambire tsiku loyamba la chaka mpaka lomaliza. Lidindeni ndi Mark as date table, ndipo lilumikizane ndi tebulo la malonda. Pakulumikizana apa pali msampha umene udandidyera tsiku lathunthu: ngati kolamu ya malonda ili ndi nthawi, monga 14:35, siigwirizana ndi tsiku la mu Date limene lili pa 00:00. Malonda otere amagwera mu mzere wa (Blank), ndipo YTD imachepa popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Kusintha kaonekedwe ka kolamu kuti nthawi isaoneke sikuthandiza. Pitani mu Power Query mukasinthe mtundu wake ukhale Date. Muzimitsenso Auto date/time mu Options, kuti musamakoke mwangozi masiku a matebulo obisika amene Power BI imadzipangira yokha.

Chaka chanu chimayamba liti? Simudanene. Ngati mumatsata chaka cha chuma cha boma la Malawi, chimene kuyambira 2022 chimayamba 1 Epulo n'kutha 31 Malichi, sinthani mzere umodzi wokha:

```
DATESYTD ( 'Date'[Date], "3/31" )
```

Mukatero, silaisa yanu ya Malichi mpaka Meyi idutsa malire a chaka. Malichi aonetsa K500,000, Epulo ayambiranso pa K300,000, Meyi K720,000. Zimenezi n'zolondola, koma mzere wa Total udzaonetsa K720,000, osati K1,220,000, chifukwa nawonso umaona 31 Meyi ngati tsiku lomaliza ndipo umangowerenga chaka cha tsikulo. Abwana akadzafunsa chifukwa chake Total ikuchepa, yankho ndi limeneli.

Apa ndiye ndingakupempheni kuti mukhale nawo pansi muwafunse bwino. Ngati akufuna kuti kuwonkhetsa kuyambire pa silaisa ndipo kusabwerere ku ziro chaka chikasintha, chimene akufuna si YTD konse, ndipo DATESYTD ichokemo:

```
Malonda Owonkhetsa =
VAR Lomaliza = MAX ( 'Date'[Date] )
RETURN
    CALCULATE (
        [Malonda],
        FILTER ( ALLSELECTED ( 'Date' ), 'Date'[Date] <= Lomaliza )
    )
```

Ine ndikadakhala inu, mezha yakale ya TOTALYTD sindikadaifufuta. Akawuntanti akamva kuti YTD amayembekezera ndalama za kuyambira tsiku loyamba la chaka, ndiye K1,250,000 ija kwa iwo ndi yolondola. Ikani ziwirizo moyandikana, iliyonse ndi dzina lomveka, kuti munthu asatenge K500,000 n'kukailemba mu lipoti ngati ya chaka chonse kufika Malichi.

Mukamaliza, yesani chonchi: ikani silaisa pa 15 Malichi, osati pa 1. Mzere wa Malichi uyenera kutsika n'kufanana ndi [Malonda] wamba wa masiku 17 otsalawo. Ukapanda kutsika, tumizani chithunzi cha Model view tione kumene silaisayo ikutenga kolamu yake.