Alekichala avomera kukhala refeli, uwatumizire izi

"Asisi, alekichala aja avomera kukhala refeli wanga pa intenishipu ija. Ndiye ndiwatumizire chani? Sivi yokha ikwana?"

Ayi mng'ono wanga, yokhayo siikwana. Uziganiza chonchi, munthu uja amaphunzitsa makalasi angapo chaka chilichonse, nkhope yako akuidziwa inde nchifukwa chake avomera, koma zoti unapanga chani mkalasi mwawo, liti, unakhoza bwanji, zimenezo mmutu mwawo mulibe. Ndiye ukangowapatsa sivi amangolemba zija zoti mwana uyu ndi wolimbikira, wakhalidwe labwino, ndikumuvomereza, basi. Kalata yoteroyo siikugwetsa koma siikuthandizanso, olemba anthu ntchito aja amaona zoterozo zambirimbiri. Ntchito yako ndi kuwapatsa zipangizo zoti alembe zinthu zenizeni zokhudza iweyo.

Uwatumizire imelo imodzi, zonse zikhale mmenemo, osati lero sivi pa WhatsApp mawa chithunzi cha marizati mkuja linki, zimasochera zimenezo ndipo tsiku lolemba sakhala ndi nthawi yosakasaka. Pamutu pa imeloyo ulembe dzina lako lonse, dzina la intenishipuyo ndi deti lotsekera, kuti akangoona mu inibokisi adziwe kuti ndi za ndani ndipo zikufunika liti.

Choyamba kuikamo ndi adivati ya intenishipuyo. Anthu ambiri amaiwala imeneyi koma ndiyo imawauza alekichala kuti akulembera ndani ndipo anthuwo akufuna munthu wotani. Usangoika linki yokha, uisunge ngati PDF chifukwa ma adivati ena amawachotsa akangotseka. Kenako sivi yomweyo imene ukutumiza ku apulikeshoni, osati ina yakale, thiransikilipiti kapena marizati amene uli nawo panopa ngakhale asanadindidwe, ndi kalata yako yofunsira malo ija ngakhale ikhale isanathe bwinobwino. Kalatayo imathandiza kuti zimene ukunena iwe ndi zimene akunena iwo zisasemphane, iwe ukuti umakonda za kafukufuku iwo akukutamanda pa zina. Mafailowo uwapatse mayina omveka, ngati CV_Dzina_Lako.pdf, osati zija za Document1 kapena IMG ndi manambala ambirimbiri.

Tsopano mvetsera apa, ndipamene pagona nkhani. Mkati mwa imeloyo ulembe kandime kowakumbutsa kuti munakumana pati. Kosi yake dzina ndi kodi, chaka ndi semesita, giredi imene unapeza, nambala yako ya rejisitileshoni kuti akafuna kutsimikiza mmabuku mwawo asavutike. Ukatero utenge adivati ija, uone zinthu ziwiri kapena zitatu zimene akufuna kwambiri, ndiye pa chilichonse upeze chinthu chimodzi chimene alekichalawo anakuona ndi maso awo ukupanga.

Tiyerekeze adivati ikuti akufuna munthu wodziwa kutolera deta, wodziwa Excel, komanso wotha kugwira ntchito ndi anzake. Usalembe kuti chonde munene kuti ndine wakhama komanso ndimagwirizana ndi anthu, zimenezo aliyense anganene. Ulembe kuti, mu kosi yanu ya njira za kafukufuku chaka chachitatu gulu lathu linali la anthu 5, tinafunsa anthu 60 pogwiritsa ntchito kweshoneya, ine ndi amene ndinalowetsa mayankho mu Excel, ndinapeza kuti mafomu 7 analowetsedwa kawiri nkuwachotsa, ndipo ndi ine ndinapanga pulezenteshoni pamaso panu. Waona? Pamenepo iwo akhoza kulemba kuti ndinamuona akukonza deta ya anthu 60 ndipo anagwira zolakwika zimene anzake sanazione. Chiganizo chimodzi chimenecho chimaposa peji yonse ya mawu okoma. Ngati lipoti la pulojekitiyo ukadali nalo, makamaka lija analemba makomenti awo, uliikenso, akangoona zolemba zawo amakumbuka msanga.

Koma uikemo zokhazo zimene iwo anazionadi. Zoti unali tcheya wa kalabu inayake zili kale mu sivi, iwo sangachitire umboni chinthu chimene sanachione, ndipo akaimbiridwa foni nkufunsidwa mozama akhoza kukakamira, manyazi nkugwera nonse awiri. Komanso osakokomeza giredi, ali ndi marekodi anthu aja. Ngati pali semesita imene marizati anatsika ndipo chifukwa chake akuchidziwa, uwauze ngati ukulola kuti achitchule kapena ayi, asachite kuganizira okha.

China ndi njira imene refelensiyo ikafikire kumeneko, ndipo apa uwerenge adivati bwinobwino chifukwa zimasiyana. Kwina amangofuna dzina la refeli, udindo, imelo ndi foni, nkudzawafunsa okha ukadutsa gawo loyamba. Kwina ukalemba imelo ya refeli pa fomu ya pa intaneti, sisitimu imawatumizira linki yoti ayankhe mafunso kapena akweze kalata. Kwinanso amafuna kalata yosainidwa, ya pa pepala la sukulu lija lokhala ndi chizindikiro pamwamba, nthawi zina yodinda. Uwauze kuti ndi iti mwa zimenezi, kalatayo ilembedwe kwa ndani, ndipo ngati pali fomu yapadera uidzaze kale mbali yako, iwo angotsala ndi yawo.

Ngati ndi ya linki ija usamale kwambiri. Uwafunse kaye kuti ndilembe imelo iti, chifukwa ena ali ndi ya sukulu ndi yawoyawo ndipo imodzi saitsegula kawirikawiri, koma mabungwe ambiri amakhulupirira ya sukuluyo. Ufunsenso mmene amalembera dzina ndi udindo wawo, usalembe Mr pamene ali Dr. Ukangosabimita uwadziwitse tsiku lomwelo kuti linki yatumizidwa, ndipo ngati sakuiona ayang'ane mu Spam, maimelo otumizidwa ndi makina amakonda kugwera kumeneko. Masisitimu ambiri amakuonetsa mbali yako ngati refeli wayankha kapena ayi, ndiye uzikalowa nkumaona, pakapita masiku palibe chasintha uone kaye ngati sunalakwitse chilembo pa imelo yawo.

Za nthawi, uwapatse masabata awiri kapena atatu ngati nkotheka, ndipo deti ulembe lonse, tsiku mwezi ndi ola lotsekera, osati Lachisanu likubwerali. Ngati bungwelo lili kudziko lina uonenso kuti olalo ndi la nthawi ya kuti. Uonetsetse ngati dedilaini ya refeli ndi yomweyo ya iwe, kwina imakhala yosiyana. Ine ndimaona bwino kuwauza deti lenileni nkupempha kuti ngati angathe atumize kukadali masiku atatu, kusiyana ndi kuwanamiza deti, poti adivati ali nayo adzaona okha. Kukatsala sabata ukumbutse kamodzi mwaulemu, poyankha pa imelo yomwe ija kuti mafailo onse akhale pafupi.

Akakuuza kuti lemba dirafuti ndidzangokonza, zimachitika, usadabwe. Ulembe zoona zokhazokha zija za kosi ndi pulojekiti, mbali yoti ndiwe wotani uwasiyire alembe okha. Koma asanakuuze usawatumizire kalata yolembalemba kale, ena zimawanyansa. Ndipo kalata ikakhala yachinsinsi yopita okha kumeneko, usapemphe kuti uione.

Kandime kaja ukalemba unditumizire kumbali pamodzi ndi adivatiyo ndikaone usanatumize.