Mkaka wa ng'ombe, wa soya kapena wa amondi: mwana wa zaka 3 amwe uti?

"Mwana wanga ali ndi zaka 3. Akamwa mkaka wa ng'ombe mimba imafufuma, nthawi zina amatsegula. Pano ndimampangira wa soya kunyumba, koma mnzanga akuti wa amondi wa mushopu ndiye wabwino kwambiri pa mafupa. Ndisankhe uti?" Mayi wa ku Chibavi, ku Mzuzu.

Mayi, pa iwiriyo pitirizani ndi soya, koma dziwani kuti mkaka wa soya wopanga nokha ukungotseka dzenje limodzi mwa awiri amene mkaka wa ng'ombe wasiya. Zomanga thupi, zotchedwa mapuloteni, zilimo. Kashiamu, amene amalimbitsa mafupa ndi mano, ali wochepa kwambiri, ndipo muyenera kumupeza kwina.

Tiyeni tiyese ndi makapu awiri pa tsiku, omwe ndi theka la lita. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limawerengera kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 3 amafunika kashiamu wokwana mamiligalamu 500 pa tsiku, ndipo akafika zaka 4 mpaka 6 amafunika 600. Makapu awiri a mkaka wa ng'ombe amapereka kashiamu pafupifupi 600 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 16. Kashiamu wa tsikulo wakwana pomwepo, mwana asanadye n'komwe nsima. Makapu awiri a soya wofinya kunyumba, ngati simunachulutse madzi, amayandikira wa ng'ombe pa mapuloteni, komanso mapuloteni a soya ndi abwino kuposa a mbewu zambiri zimene timadya. Koma kashiamu wake amangozungulira pa 100 kapena kucheperapo, chifukwa gawo lina limatsalira m'zotsalira zija mumafinya pansalu.

Wa amondi ndiye ukunamiza anthu ambiri. Mtedza wa amondi pawokha ndi chakudya chabwino, koma mu paketi ija mtedzawo ndi wochepa zedi, zambiri ndi madzi. Makapu awiri amapereka mapuloteni magalamu 2 okha, ndipo mphamvu yake, ngati alibe shuga, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya mkaka wa ng'ombe. Mnzanu uja sanalakwitse kwenikweni pa nkhani ya mafupa: mapaketi ambiri amakhala ndi kashiamu wofanana ndi wa ng'ombe. Kungoti kashiamuyo ndi wochita kuthira kufakitale, sachokera ku mtedzawo. Ndiye mukhala mukulipira ndalama zambiri, pa katundu wochokera kunja, kugula madzi othira kashiamu, pomwe kamimba ka mwana wa zaka 3 n'kakang'ono. Akakhuta zimenezo phala alisiya. Munthu wamkulu amene akufuna kuchepetsa thupi angamwe, koma kwa mwana amene akukula ine sindingauike poyamba.

Ngati thumba likulola, pali njira yapakati, yomwe ndi mkaka wa soya wa mushopu wothira kashiamu. Osadalira chithunzi cha kutsogolo kwa paketi. Tembenuzani, muyang'ane pa katebulo ka manambala, pa mzere wa mamililita 100. Mukufuna kashiamu pafupifupi mamiligalamu 120, mapuloteni magalamu 3 kapena kuposa, ndipo zikhala bwino ngati alembanso vitamini B12, amene mu soya mulibe mwachibadwa. Mzere wa kashiamu ukasowa, ingoganizani kuti sanathire. Sankhani wopanda shuga. Ndipo muzikhutchumula paketiyo nthawi zonse musanathire m'kapu, chifukwa kashiamu wothirayo amadikha pansi. Ambiri amamutaya limodzi ndi paketi osadziwa.

Koma musanautaye mkaka wa ng'ombe, tiyeni tione chimene chikumuvuta mwanayo, chifukwa pali mavuto awiri osiyana amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kulephera kugaya shuga wa mumkaka, wotchedwa lakitozi. Zizindikiro zake zimathera m'mimba: kufufuma, mpweya, kulira kwa m'mimba, chimbudzi chamadzi patapita kanthawi atamwa. Kawirikawiri vutoli limayenda ndi kuchuluka kwa mkaka, ndipo mwa ana aang'ono limatha kubwera kwa masabata ochepa chabe pambuyo pa matenda otsegula m'mimba, kenako n'kutha lokha. Zimene mwalemba zikufanana ndi ili. Mwana wotere nthawi zambiri amalandira bwinobwino theka la kapu lothira m'phala, kapena chambiko ndi yogati, chifukwa mkaka ukasasa gawo la shuga uja limakhala litasweka kale, pomwe kashiamu ali momwemo. Yesani chambiko pang'ono pa chakudya kwa masiku angapo muone.

Lachiwiri ndi thupi kudana ndi mapuloteni a mkakawo. Apa mumaona zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena zikope, kusanza, magazi m'chimbudzi, mwinanso kubanika. Mukaona chimodzi mwa izi musayesenso ngakhale chambiko, pitani naye ku chipatala cha Mapale kapena ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo akabanika thamangani nthawi yomweyo. Ana ena odana ndi mkaka wa ng'ombe amadananso ndi soya, choncho apa dokotala ndiye atsogolere.

Pali chachitatu chimene ife a kuno sitiyenera kuchiiwala. Mkaka wa alimi otizungulira, uja wobwera m'zigubu panjinga m'mawa, ndi wabwino, koma ndi wosaphika. Ukapanda kuwiritsidwa, kapena wina akauthira madzi osadziwika komwe atunga, umatsegula m'mimba mwana aliyense, ngakhale amene alibe vuto ndi mkaka. Uwiritseni mpaka ukwere, muusunge m'chiwiya choyera chovundikira.

Tsono tinene kuti zonsezi mwayesa, ndipo mwatsala ndi soya wanu wa kunyumba. Choyamba, kapangidwe. Viikani soya usiku wonse, mutaye madziwo, mupere ndi madzi osapitirira makapu 8 pa kapu imodzi ya soya wouma, mufinye, kenako muwiritse mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa. Chenjerani, amachita thovu n'kukwera asanapse, ndiye ambiri amaphula msanga. Soya wosapsa ali ndi zinthu zotchinga kagayidwe ka mapuloteni, ndipo iye yekha amafufumitsa mimba. Zotsalira pansalu musataye, thirani m'phala kapena m'zitumbuwa.

Kashiamu wotsalayo, pafupifupi mamiligalamu 400, timusake mumsika. Apa a ku Mzuzu tili ndi mwayi, usipa wa ku Nkhata Bay sutisowa. Kashiamu wa usipa ali m'minga ndi m'mutu, ndiye chizolowezi chija chodula mitu n'kumusankhira mwana kamnofu kokha chimataya chinthu chenichenicho. Kazingani usipa wathunthu pang'ono, musinje, musefe, musunge m'botolo louma. Masupuni aakulu awiri a ufa umenewu pa tsiku, imodzi m'phala, ina m'ndiwo, angapereke mamiligalamu 200 kapena kupitirira. Onjezani masamba: mpiru ndi repu thupi limatengamo kashiamu mosavuta, pomwe bonongwe, ngakhale ali naye wambiri, gawo lina thupi silitha kulitenga. Nyemba nazo zimathandizako pang'ono. Ngati chambiko wamulandira, theka la kapu likuwonjezera pafupifupi 150, ndipo mwafika. Usipa ndi dzira zimaperekanso B12 uja.

Zonsezi ndi za mwana wa msinkhu wa wanuyu. Ngati kunyumbako kuli khanda losakwana chaka, musalipatse wa soya wofinya kapena wa amondi m'malo mwa bere; miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, ndipo kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka 2. Ndipo ngakhale mkaka wa ng'ombe ukadzamuyanja mwanayu, musapitirire makapu awiri pa tsiku, chifukwa ayironi ulibe wokwanira, ndipo mwana wokhuta mkaka wokhawokha amachepa magazi.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, musasiye kupita naye kusikelo. Mzere wa pa khadi ukaima kapena kutsika miyezi iwiri yotsatizana, kapena mukaona miyendo ikupindika, auzeni azaumoyo mkaka umene akumwa ndi makapu angati pa tsiku.