Mwana wa mpira uja si wofooka, rula yanu ndi imene yayamba molakwika

"Ndimaphunzitsa Sitandade 7. Ndinawayesa ana kuthamanga kopita ndi kubwerera, komanso kukhala pansi n'kutambasula manja kufikira kumapazi. Rula ndinaiyambira pa zala za kumapazi. Tebulo limene ndinapeza pa intaneti likuti kalasi yonse ndi yofooka, ndipo mnyamata amene amatimenyera mpira bwino kuposa onse wakhala womaliza pa kufikira zala. Anzake akumuseka. Kodi zotsatirazi ndimate pakhoma, kapena ndiwauze chiyani?"

Aphunzitsi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaitseka n'kupita kukathirira ndiwo kudimba, chifukwa inandikumbutsa dzina limene ndinkaganiza kuti ndinaliiwala. Ine kusukulu ankanditchula Chikuni.

Linabwera chonchi. Ndili ndi zaka 13 ndinakula ngati nsungwi ya m'dambo, miyendo yokhayokha, kabudula wa yunifolomu akuthera pakati pa ntchafu. Tsiku lina aphunzitsi athu a masewera anabweretsa kabokosi ka matabwa, natikhazika pansi mmodzimmodzi, mapazi kutsamira kabokosiko, mawondo owongoka. Atsikana ankangopinda thupi ngati nsalu, manja n'kudutsa mapazi. Itafika nthawi yanga ndinakankha mpaka misozi, koma zala za m'manja zinathera pa akakolo. Aphunzitsi aja anawerenga manambala mokweza kuyambira wapamwamba, ndipo atafika pa ine anangoti, "Uyu ndiye wouma ngati chikuni." Basi. Dzina linamera pomwepo ndipo ndinamaliza nalo sukulu. Chondiwawa mpaka lero n'chakuti nthawi imeneyo ndinkayenda mtunda wa ola lathunthu kupita kusukulu, Loweruka ndinkapalasa njinga ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo, koma ndinakhulupirira ndithu kuti thupi langa ndi lachabe. Mpira ndinausiya chaka chomwecho.

Nditakula m'pamene ndinamva kuti pa msinkhu umenewu miyendo imatsogola kutalika, thunthu limatsatira pambuyo. Mwana amene miyendo yake yathamangira kutsogolo, mapazi amuthawa, ngakhale minofu yake isanasinthe kwenikweni. Mayeso ofikira zalawa anawalemba Wells ndi Dillon mu 1952, ndipo chimene amayesa makamaka ndi kutamuka kwa minofu ya kuseri kwa ntchafu, ndi pang'ono chabe kumunsi kwa msana. Sayesa mphamvu, sayesa mpweya, sayesa luso. Wa manja aatali ndi miyendo yaifupi amapambana asanayambe n'komwe. Atsikana nawonso kawirikawiri amaposa anyamata. Ndiye mnyamata wanu wa mpirayo, ngati ndi wamtali ndipo tsiku lililonse amathamanga osadziwongola, kukhala womaliza si zachilendo. Osewera mpira ambiri minofu imeneyi imakhala yokungika.

Koma musandione ngati woyera. Ine ndemwe, nditayamba kuphunzitsa, ndinachita zoposa pamenepo.

Ndinapeza kaseti ya mayeso a kulira kwa belu aja, amene Luc Léger wa ku Montreal, ku Canada, anakonza m'zaka za m'ma 1980. Mizere iwiri imatalikirana mamita 20. Kaseti ikalira, ana amathamanga kukafika mzere winawo isanalirenso. Imayamba mwaulesi, liwiro la makilomita 8.5 pa ola, ndiye kuti masekondi asanu ndi atatu ndi theka kuti uwoloke, kenako mphindi iliyonse liwiro limakwera ndi theka la kilomita pa ola. Amene walephera kufika pa mzere kawiri motsatizana amatuluka, ndipo umalemba gawo limene wathera. Tepi yoyezera ndinalibe, ndiye ndinayeza ndi mapazi, masitepe 20, n'kuthira phulusa. Wailesi inali yobwereka, mabatire ake ogwiritsa kale ntchito. Ana anga anachita zodabwitsa! Ngakhale aja amene amapuma pokwera chulu anafika gawo 6, gawo 7. Ndinapita nazo kwa ahedi ndikumwetulira.

Teremu yotsatira mnzanga wina anabwera ndi tepi ya amisiri omanga. Bwalo langa linali mamita 18. Taganizani: pa gawo 6 mwana amayenera kuthamanga makilomita 11 pa ola, koma ukamuchotsera mamita awiri pa ulendo uliwonse akuthamanga 9.9 basi, lomwe ndi pafupifupi liwiro la gawo 4. Magawo awiri aulere. Onjezerani mabatire ofooka amene ankakoka kaseti pang'onopang'ono, belu n'kumachedwa kulira. Titayesanso moyenera, aliyense anatsika, ndipo ana amene ndinawauza kuti ndi akatswiri anapita kwawo akuganiza kuti afooka pa miyezi itatu. Wofooka anali tepi yanga ya mapazi.

Kuyambira pamenepo matebulo a pa intaneti ndimawakayikira, ndipo ndikamakalamba kukayikako kukusanduka mkwiyo. Tebulo silikuuza kuti ana amene anayesedwawo anali a dziko liti, anavala nsapato zanji, anathamanga pa simenti ya m'holo kapena pa fumbi. Silidziwa kuti ana ako ena abwera osadya, akudikira phala la m'ma 10 koloko, kapena kuti uyu wadzuka malungo sabata yatha ndipo magazi sanabwerere. Kenako limamata mawu akuti wofooka pa mwana amene m'mawa watunga ndowa zitatu pa mjigo. Ayi, zimenezo ine ndinazikana. Ndipo pakhoma musamate. Ndanena mosazungulira: mndandanda wa woyamba mpaka womaliza umasangalatsa ana asanu, enawo umawaphunzitsa kudwala mutu tsiku la masewera. Tili nayo kale mindandanda yokwanira ya masamu ndi Chingerezi imene timawerenga potsekera sukulu makolo ali pompo.

Pajatu palinso nkhani ya nyengo, imene ambiri saiganizira. Teremu yoyamba imagwera pa kutentha kwa Okutobala. Mukayesa ana masana a Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima, n'kudzayesanso m'mawa wa Juni, kuthamanga kudzaoneka ngati kwakwera pomwe ndi dzuwa lachepa. Kufikira zala kumachita zosiyana: thupi lozizira la m'mamawa limauma, lotenthedwa limatamuka. Mwana yemweyo, tsiku lomwelo, akathamanga pang'ono kaye amatha kuwonjezera masentimita angapo. Ine ndinazionera pa mdzukulu wanga amene amaumirira kuti ndimuyeze nthawi iliyonse akabwera ku holide, ndipo amakangana ndi rula ngati ndi munthu.

Za rula yanuyo

Apa ndiye pagona vuto la kalasi yonse. Matebulo ambiri sayambira ziro pa zala za kumapazi. Ena amaika mapazi pa masentimita 15, monga mayeso a Eurofit a ku Ulaya a 1988, ena pa 23, ena pa 26. Amatero kuti amene sanafike pa zala apezebe nambala. Tsono mwana amene wadutsa zala zake ndi masentimita atatu, kwa inu ali ndi 3, koma pa matebulo amenewo ali ndi 18, kapena 26, kapena 29. Inu mwatenga 3 wanu n'kukamufunafuna pa tebulo loyembekezera 26. Ndani sangaoneke wofooka? Ngati tebulolo silinena pamene mapazi ali, litayeni.

Chitani chonchi. Tengani kireti ya zakumwa kapena kabokosi kotalika pafupifupi masentimita 30, mukatsamiritse kukhoma kuti kasathawe. Mangani rula yaitali pamwamba, itulukire kwa mwanayo, chizindikiro cha 23 chikhale ndendende pamene pakhudza mapazi. Nsapato avule. Mnzake aike dzanja pa mawondo mopepuka, asakanikize, angomva ngati akupindika. Woyesedwayo aike dzanja limodzi pamwamba pa linzake, zala zofanana, apite pang'onopang'ono akutulutsa mpweya, aime masekondi awiri. Wodzigwedeza kuti alumphire patsogolo musamuwerengere, ndipo wina asamukankhe kumsana. Ayese kawiri, lembani yabwinoyo. Mnyamata wanu akaperewera masentimita 6 kufika pa zala, alembedwa 17, osati ziro.

Za kuthamangako simunanene kuti ndi kwa mtundu wanji, ndipo ndi mitundu iwiri yosiyana. Kwa belu kuja kumayesa kupirira kwa mtima ndi mapapo. Kwakufupi, kwa mamita 10 kanayi, kumayesa liwiro ndi kutembenuka msanga, ndipo kumatha m'masekondi 11, 12 kapena 13 kwa ana ambiri a msinkhu umenewo. Ine ndimaika zitsononkho kuseri kwa mzere kuti mwana atole n'kubweretsa, apo ayi amatembenukira m'njira. Dziwani kuti chala chanu pa foni chimachedwa kapena kufulumira pang'ono, choncho kusiyana kwa 12.1 ndi 12.3 si nkhani yoti mwana alire nayo. Sesani bwalo, chifukwa potembenuka pa fumbi lotayirira ndi pamene amaterereka, ndipo amene anathamanga opanda nsapato ulendo woyamba athamangenso choncho ulendo wachiwiri. Wa mphumu, wa malungo, kapena amene akuti pamtima pakuwawa, akhale wolemba manambala tsiku limenelo.

Nanga kuwauza chiyani? Aliyense alembe nambala zake kumapeto kwa kope lake, ndi tsiku, nthawi, ndi zimene anavala kumapazi. Pakatha masabata 8 kapena 10 muyesenso pa bwalo lomwelo, nthawi yomweyo, atatenthetsa thupi mofanana. Funso likhale limodzi: nambala yako yasuntha bwanji, ndipo ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani? Ine kusintha kosakwana masentimita atatu sindikuwerengera. Wochoka pa 17 kufika pa 22 wagwira ntchito. Wotsika kuchoka pa 24 kufika pa 21, muyezeni kaye kutalika pakhoma musanamuuze kuti walowa ulesi. Mukafuna za kalasi yonse pa bolodi, lembani manambala opanda mayina, ana apeze okha nambala ya pakati, ndipo phunziro la masamu mwaphunzitsiratu.

Mnyamatayo muitaneni payekha. Muuzeni kuti chimene rula yaona ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu basi, ndipo akamaiwongola akamaliza mpira, masekondi 30 mwendo uliwonse, katatu kapena kanayi pa sabata, nambala idzasuntha. Ndipo ngati anzake ayamba kale kumupatsa dzina, lithetseni sabata ino. Langa lija, mwezi wathawu pa maliro kumudzi, bambo wina wa imvi anandikuwira nalo kuchokera kutsidya kwa msewu.